Mukagula fulati ku Joni, chanu chimalekeza pakati pa khoma

Amalawi ambiri amene akhala ku South Africa zaka zingapo amafika potopa ndi lendi, n'kuyamba kuganiza zogula pokhala pawopawo. Nyumba yoima payokha, ya bwalo lake ndi mpanda wake, mtengo wake ndi wa anthu a thumba lalikulu, choncho maso amathamangira ku mafulati a ku Johannesburg, Pretoria, Durban kapena Cape Town. Lamulo la dzikolo silikaniza mlendo kugula nyumba. Chimene chimasokoneza ndi choti ife tinazolowera kugula puloti: amakuonetsa mabikoni anayi, ndipo zonse zili m'kati mwake, nthaka, mtengo wa mango ndi chimbudzi chomwe, ndi zako. Fulati siyenda choncho. Ili pansanjika yachitatu, pansi pake pali banja lina, pamwamba pake pali lina, ndipo khoma la kuchipinda chogona ndi lomwelo la kukhitchini kwa mnzanu. Ndiye munthu akatulutsa ndalama zake, amakhala atagula chiyani kwenikweni?

Yankho lili m'malamulo awiri. Loyamba ndi lamulo la nambala 95 la chaka cha 1986, limene linalowa m'malo mwa lina la 1971, ndipo limafotokoza momwe nyumba imodzi ingagawidwire kuti anthu ambiri akhale ndi mapepala a umwini. Lachiwiri ndi la nambala 8 la 2011, limene linayamba kugwira ntchito pa 7 Okutobala 2016, ndipo likunena za kayendetsedwe ka nyumba zoterezi. Umwini wa mtundu umenewu kumeneko amautcha sekishonolo taitolo. Malinga ndi malamulowa, wogula fulati amagula zinthu ziwiri pamodzi. China ndi chigawo chake, zipinda zimene azikhalamo, chomwe ndi chake yekha. Chinacho ndi gawo la zinthu zonse zogwiritsa ntchito limodzi: nthaka imene nyumbayo yaimapo, maziko, denga, masitepe, makolido, chikepe, mpanda, geti ndi bwalo. Ziwirizi sizilekanitsidwa. Simungagulitse zipinda n'kusunga gawo la nthaka, ndipo simungakane gawo la denga ponena kuti inu mumafuna zipinda zokha.

Gawo lachiwirili lilibe malire ooneka ndi maso. Palibe angakutengeni pabwalo n'kukulozerani kuti kapinga wanu ayambira apa kulekeza apo. Muli ndi kachigawo ka sitepe iliyonse, ka lata lililonse ndi ka mtengo uliwonse wa pabwalopo, chimodzimodzi anzanu onse.

Malire a chigawo chanu ndiwo amene lamulo linawalongosola mosasiya mpata. Amadutsa pakatikati pa khoma, pakatikati pa simenti ya pansi ndi pakatikati pa siling'i. Tengani khoma la kunja lokhuthala masentimita 22. Masentimita 11 a m'kati, pamodzi ndi pulasitala ndi penti ya m'chipinda, ndi anu. Masentimita 11 a kunja, amene amawombedwa ndi mvula, ndi a onse. Khoma lolekanitsa fulati yanu ndi ya mnzanu mumagawana awirinu, theka lanu theka lake. Silabu imene mukupondapo, theka la pamwamba ndi lanu, la pansi ndi la amene akukhala kunsi kwanu, amene kwa iye ndi siling'i. Mukakhala pansanjika yomaliza, zonse za pamwamba pa mzere wa pakati pa siling'i yanu, mitengo ya denga ndi malata kapena matailosi, ndi za onse.

Zenera ndi chitseko zimene zili m'khoma la kunja nazo zimadulidwa pakati ndi mzere womwewo. N'chifukwa chake felemu ya zenera ikawola, kawirikawiri mtengo wokonzera amagawana pakati, theka mwini fulati, theka gulu. N'chifukwa chakenso simungangodzuka tsiku lina n'kupenta kunja kwa khoma lanu mtundu wa kumtima kwanu, kapena kukhomapo dishi ya wailesi yakanema, osapempha chilolezo cholembedwa. Mbali imeneyo si yanu nokha.

Zonsezi zimajambulidwa papulani yapadera imene amakonza ndi katswiri woyeza malo kapena wojambula mapulani a nyumba, n'kuvomerezedwa ndi mkulu wa boma woona zoyeza malo, kenako n'kusungidwa ku ofesi yolembetsa malo ndi nyumba. Papulaniyo chigawo chilichonse chili ndi nambala yake ndi kukula kwake. Nambala imeneyi nthawi zambiri imasiyana ndi yomwe yakhomedwa pachitseko. Fulati yolembedwa 12 pakhomo itha kukhala chigawo cha nambala 7 papulani, ndipo chimene banki ndi boma amadziwa ndi cha papulanicho. Musanasaine, tengani pulaniyo, imani nayo m'fulatimo, ndipo mutsimikize kuti chigawo cholembedwa pa mgwirizano wogulira ndi chomwecho mwaimamo.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze nyumba ya mafulati 12. Asanu ndi limodzi ndi a masikweya mita 60 iliyonse, anayi ndi a 90, ndipo awiri a pansanjika yomaliza ndi a 140. Tikaphatikiza onse akukwana masikweya mita 1,000. Mayi wina wa kwathu kuno, amene wakhala akugwira ntchito kumeneko, wagula imodzi ya 60 yapansi penipeni. Pa nyumba zokhalamo anthu, lamulo limati gawo la munthu lipezeke pogawa kukula kwa chigawo chake ndi kukula kwa zigawo zonse. Mayiwa ndiye kuti ali ndi maperesenti 6, amene papulani adzalembedwa 6.0000 chifukwa lamulo limafuna manambala anayi kutsogolo kwa kadontho. Wa fulati ya 90 ali ndi maperesenti 9, wa 140 ali ndi 14.

Nambala imeneyi ndiyo idzawatsata mayiwa nthawi yonse imene adzakhale ndi fulatiyo. Imanena kukula kwa gawo lawo pa nthaka ndi pa zinthu za onse. Imanena kulemera kwa voti yawo pamsonkhano. Imanenanso ndalama zimene azipereka mwezi ndi mwezi, ndi gawo lawo la ngongole ngati gulu litalephera kulipira amene likuwakongola.

Gulu tikunenali amalitcha bodi kopoleti. Si kampani yakunja, kapena bwana wina amene ali ndi nyumbayo. Ndi eni mafulati onse pamodzi. Limabadwa lokha tsiku limene munthu woyamba, kupatula womanga nyumbayo, walembetsa fulati m'dzina lake, ndipo aliyense wogula amakhala membala, afune asafune. Pamsonkhano wa pachaka eniwo amasankha matrasiti, anthu ochepa oti aziyendetsa zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri matrasitiwo amalemba ntchito kampani yotolera ndalama ndi kusunga mabuku. Anthu ambiri akamadandaula amati "a bodi kopoleti atikwezera levi", ngati akunena za boma. Amene anakweza ndi msonkhano umene iwowo sanapiteko.

Levi ndi ndalama imene mwini fulati aliyense amapereka mwezi uliwonse. Imalowa m'matumba awiri. Thumba loyamba ndi la zofunika za chaka chimenecho: inshuwalansi ya nyumba yonse, mlonda, wosesa, magetsi a m'makolido, kukonza zing'onozing'ono. Lachiwiri ndi losungira ntchito zikuluzikulu za m'tsogolo, monga kufolera denga, kupenta nyumba yonse kapena kusintha chikepe. Kuyambira 2016 thumba lachiwirili ndi lokakamiza, ndipo gulu liyenera kukhala ndi dongosolo lolembedwa la zaka 10 losonyeza chimene chidzafunike kukonzedwa, liti, komanso pa ndalama zingati. Ngati m'thumba losungiramo muli ndalama zosakwana kota ya levi ya chaka chapitacho, gulu liyenera kuikamo zosachepera maperesenti 15 a bajeti ya thumba loyamba.

M'nyumba yathu ija, tinene kuti bajeti ya chaka ndi R360,000 ndipo thumba losungira ndi lopanda kanthu. Ayenera kuwonjezera R54,000, zonse pamodzi R414,000. Maperesenti 6 a mayi aja akukwana R24,840 pachaka, kutanthauza R2,070 pamwezi. Wa fulati ya 140 azipereka R4,830. Iyi ndi ndalama yapadera, yosakhudza ngongole ya kubanki, msonkho wa kukhonsolo umene mwini aliyense amalipira payekha, kapena magetsi a m'nyumba mwake. Pano ndi pamene ambiri amapunthwa. Amawerengera za kubanki zokha, n'kuona kuti zikufanana ndi lendi imene amalipira, osadziwa kuti levi ndi yamuyaya: ngongole ya kubanki idzatha, levi sidzatha.

Tsopano mvula yabwera ndipo denga layamba kudontha. Madzi akulowa m'mafulati awiri a pamwamba aja. Kwa mayi athu pansi n'kouma, sakudziwa n'komwe. Womanga wayeza ntchito, wati ndi R300,000, ndipo m'thumba losungira mulibe zokwanira. Matrasiti ali ndi mphamvu yoitanitsa levi yapadera pa vuto ladzidzidzi limene silingadikire bajeti ya chaka chamawa. Kalata ifika kwa mayiwa yoti apereke R18,000. Wa pamwamba aliyense apereka R42,000, osati chifukwa choti ndiye akudontheredwa, koma chifukwa fulati yake ndi yaikulu. Mayiwa atha kukwiya kuti akulipirira denga limene silili pamutu pawo, koma denga ndi lawo ndithu, maperesenti 6 a lata lililonse. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lachilungamo. Tsiku limene paipi yaikulu ya zonyansa idzatsekeke n'kuyamba kubwezera m'mabafa a pansi, a pamwamba nawonso adzalipira, ngakhale kwawo kudzakhale kulibe fungo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madzi ndiwo amayambanitsa anthu kwambiri m'mafulati, choncho ndi bwino kudziwa kayendedwe kake. Paipi imene imatumikira mafulati angapo ndi udindo wa gulu, ngakhale itadutsa m'khoma la chigawo chanu. Paipi imene ili m'chigawo chanu ndipo imatumikira inu nokha ndi yanu. Giza ili ndi lamulo lakelake: ngakhale itaikidwa kudenga, m'malo a onse, woisamalira ndi mwini fulati imene imalandira madzi otenthawo. Shawa ya pamwamba ikamadontha n'kuwononga siling'i ya wa pansi, gwero lili m'chigawo cha wa pamwambayo, ndipo lamulo limamukakamiza kusunga chigawo chake chili bwino. Ndiye pakaoneka chinyezi, funso loyamba si lakuti chawonongeka n'chiyani, koma lakuti madziwo akuchokera mbali iti ya mzere uja. Pulambala alembe lipoti lonena gwero, chifukwa popanda pepala limenelo aliyense amaloza mnzake.

Inshuwalansi ya nyumba yonse amadula ndi gulu, pa mtengo woti nyumbayo itha kumangidwanso itapsa, ndipo mtengowo uyenera kuunikidwa ndi katswiri pakatha zaka zitatu zilizonse. Imateteza makoma, denga ndi zomangidwa zokhazikika. Mipando yanu, firiji ndi zovala siziwerengedwa, zimenezo mudulire nokha. Komanso giza ikaphulika, ndalama yoyambirira imene kampani ya inshuwalansi imasiyira wodandaula nthawi zambiri imagwera mwini fulatiyo.

Pali mtundu wachitatu wa malo umene uli pakati pa "changa" ndi "chathu", ndipo ndi umene ogulitsa amakonda kuudutsa mothamanga. Wogulitsa akuti fulatiyi ili ndi poimika galimoto ndi kadimba kuseri. Mawu akuti "ili ndi" angatanthauze zinthu zinayi zosiyana. Galaja itha kukhala chigawo pachokha, cha nambala yake papulani, ndipo ikatero ndi yanu ngati fulati yomwe. Poimika galimoto patha kukhala malo a onse amene inu nokha mwapatsidwa ufulu wowagwiritsa ntchito, ufuluwo n'kulembetsedwa ku ofesi ya malo. Umenewu ndi ufulu wolimba, koma suyenda wokha ndi fulati: uyenera kusamutsidwira m'dzina lanu ndi chikalata chakechake, ndipo loya akaiwala, sukhala wanu. Njira yachitatu ndi yoti ufuluwo unangolembedwa m'malamulo a gululo, zomwe ndi zovomerezeka koma zosalimba ngati zolembetsa ku boma. Yachinayi, imene imapweteka, ndi yoti mwini wakale ankangoimika pamenepo chifukwa palibe ankamuletsa. Zikatero mulibe kalikonse, ndipo mawa wina atha kufika msanga n'kuimikapo yake.

Ngakhale ufuluwo ukhale wolembetsedwa, nthakayo imakhalabe ya onse. Kadimba kaja mutha kudzalamo maluwa ndi mpiru, koma simungamangemo chipinda choti m'bale wanu wochokera kumudzi azigonamo. Gulu limakulipiritsaninso kandalama kowonjezera ka chisamaliro cha malo amenewo.

Nkhani ya khonde imafanana ndi imeneyi. Tinene kuti khonde la mayi aja ndi la masikweya mita 6, ndipo papulani lili kunja kwa chigawo chawo. Akufuna kulitseka ndi njerwa ndi mawindo kuti ana apeze pogona. Pochita zimenezi akutenga malo a onse n'kuwasandutsa awo, ndipo lamulo limati kumeneko ndi kukulitsa chigawo. Pafunika chilolezo cha msonkhano wa eni onse, pomwe maperesenti 75 a mavoti, powerenga anthu komanso powerenga kukula kwa magawo awo, avomereze. Kenako woyeza malo ajambule pulani yatsopano, ivomerezedwe, ilembetsedwe. Fulati ija ikhala ya 66, nyumba yonse ya 1,006, ndipo gawo lawo likwera kufika pa 6.5606, levi nayo ikwera. Ambiri amangomanga mwakachetechete. Vuto limadzatulukira pogulitsa, pamene woyeza wa banki apeza kuti zimene akuona ndi zosiyana ndi za papulani. Ngati mukugula fulati ya khonde lotsekedwa, yezani nokha ndi tepi muone ngati manambala akugwirizana, chifukwa mlanduwo mudzautenga ndi inu.

Choopsa chachikulu pa umwini wotere si khoma kapena khonde, koma anzanu akasiya kulipira. M'nyumba yathu ija, eni awiri a pamwamba okha atasiya kupereka levi, pachaka papelewera R115,920, kuposa kota ya bajeti yonse. Choyamba kusiyidwa chimakhala penti, kenako mlonda, kenako chikepe chimafa osakonzedwa, ndipo bilu ya madzi ya kukhonsolo imayamba kuunjikana. Amene amalipira mokhulupirika amaona kuti ndalama zawo sizikuoneka ntchito yake, nawonso amagwa ulesi. Nyumba zambiri za ku Hillbrow ndi Berea mu Johannesburg zinagwa mwa njira imeneyi. Fulati yanu itha kukhala yowala m'kati, ya matailosi atsopano, koma ngati masitepe akununkha ndipo chikepe chinafa kalekale, mabanki amakana kukongoza ofuna kuigula, ndipo mtengo wake umatsika.

Lamulo linaikapo zotchinjiriza zingapo. Fulati singasinthidwe umwini pokhapokha loya atatsimikiza kuti wogulitsa walipira zonse zimene gulu likumudai, kapena kuti pakonzedwa njira yolipirira imene gulu lakhutira nayo. Izi zimakutetezani ku ngongole ya wogulitsayo, koma sizikutetezani ku ngongole za eni ena khumi ndi mmodzi aja. Ndipo ngati levi yapadera inagamulidwa kale n'kumaperekedwa pang'onopang'ono, gawo lotsala kuyambira tsiku limene fulati yalowa m'dzina lanu litha kugwera inu. Pakabuka mkangano, pali bungwe la boma lotchedwa CSOS, lokhazikitsidwa ndi lamulo la nambala 9 la 2011, limene limamva madandaulo a eni mafulati, a matrasiti ngakhale a alendi, pa mtengo wotsika kuyerekeza ndi khothi. Mwini aliyense amalisonkhera kandalama kosaposa R40 pamwezi kudzera pa levi. Zinthu zikafika poipa kwambiri, khothi la majisitireti litha kuika munthu wapadera woti ayendetse gululo m'malo mwa matrasiti.

Dziwaninso kuti si fulati iliyonse imene imagulitsidwa mwa njira imeneyi. Makamaka ku Durban kuli nyumba zakale zimene mwini wake ndi kampani, ndipo wogula amangopeza masheya a kampaniyo ndi ufulu wokhala m'fulati. Pamenepo dzina lanu silioneka ku ofesi ya malo ngati mwini nyumba. Funsani msanga kuti ndi mtundu uti. Funsaninso ngati womanga anadzisungira ufulu wodzamanga mafulati ena pabwalo lomwelo, chifukwa akadzamanga, kapinga amene munamukonda adzatha ndipo maperesenti anu adzasintha. Lamulo limafuna kuti ufulu umenewu uululidwe mu mgwirizano wogulira.

Choncho tsiku lokaona fulati, musathere nthawi yonse m'khitchini. Kwerani masitepe mpaka pamwamba, muone kudenga ngati kuli zipsera za madzi, muone kumene amataya zinyalala, muyese chikepe. Kenako pemphani wogulitsa akupatseni pulani ya zigawo, malamulo a gulu, malipoti a zachuma owunikidwa a chaka chatha, dongosolo la zaka 10 lija ndi zokambirana za msonkhano wapitawo. M'malipotimo yang'anani manambala atatu: ndalama zimene zili m'thumba losungira, levi imene eni sanalipire, ndi ngongole ya gulu kukhonsolo. Levi yotsika kwambiri isakukopeni, chifukwa kawirikawiri imatanthauza kuti palibe akusungira denga. Wogulitsa akamazengereza kutulutsa mapepala amenewa, musasaine.